Mukapeza anthu ali kale pa nkhani: zimene zimasautsa mkamwini watsopano ndi mankhwala ake

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatira ku Thyolo, m'mudzi wina cha ku Masambanjati, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndinapita kukakhala kuchikamwini. Chaka choyamba chimene chinandisautsa sichinali chiperoni kapena ndiwo za kalongonda. Chinali mtengo wa mango umene uli pafupi ndi kagolosale ka m'mudzimo. Madzulo alionse poweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa, njira yanga inkadutsa pamenepo, ndipo ndinkapeza amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi ali pa bawo, nkhani ili m'kamwa. Kungodutsa, ndinkaopa kuti anena kuti aphunzitsi ndi odzimva. Kuima, nkhani yawo inkafa ngati moto wothiridwa madzi, ine n'kumangoyang'ana nsapato zanga.

Zimene ndalemba pano ndinaziphunzira pansi pa mtengo umenewo. Ndikunena za mkamwini chifukwa ndiye mlendo amene sangathawe, koma namwino amene wangotumizidwa kumene ku Thekerani kapena kalaliki watsopano pa esiteti ya tiyi aziona kuti ndi zake zomwe.

Cholakwa changa chachikulu chinali kuganiza kuti moni ndiye khomo lolowera m'nkhani. Ayi. Makomo ndi awiri. Loyamba ndi lolowera pamalopo: kuti odi, kukhala pansi, kulandira moni. Lachiwiri ndi lolowera m'nkhani imene ikukambidwa, ndipo limatseguka pambuyo, nthawi zina patapita mphindi khumi, nthawi zina mawa lake. Pafupifupi vuto lililonse limene ndilitchule limachokera pofuna kulowa makomo awiriwa nthawi imodzi, kapena polowa loyamba n'kumayembekeza kuti lachiwiri litseguka lokha.

Musanafike, onani ngati ndi macheza kapena ndi nkhani ya eni

Izi zimaoneka mukadali chapatali, mwina mapazi makumi awiri. Anthu amene akungocheza amakhala motakasuka, wina wagonera pa njinga, wina akusenda nzimbe, mawu akumveka mpaka pamsewu, ndipo pakati pawo pamakhala mpata woyang'ana kunjira. Mukamayandikira, mmodzi amakuonani n'kusuntha mwendo kapena kukoka njerwa yokhalira. Kumeneko ndi kukuitanani.

Pamene pali nkhani ya eni, mawondo amayang'anizana, mitu yawerama, mawu ndi otsika, ndipo amalankhula mmodzi nthawi yaitali ena ali chete. Mukaonanso kuti pakhala munthu amene samakhalakhala pamenepo, monga nkhoswe ya banja lina kapena nduna ya amfumu, kapena wina wagwira kope ndi cholembera, dziwani kuti ndi za malire a munda, za banja limene likugwedezeka, kapena za ngongole ya ku banki m'khonde. Pamenepo palibe luso lililonse limene lingakulowetseni. Chepetsani liwiro, ombani m'manja pang'ono, nenani kuti "zikomo" n'kudutsa. Akakufunani akuitanani okha. Mkamwini makamaka asamale pa nkhani za malo, chifukwa kuno munda ndi wa mbumba, ndipo amene amaulankhulira ndi atsibweni. Inu mukhoza kukhala amene mumaulima tsiku ndi tsiku, koma mawu anu pa malire ake sakufunika pokhapokha mutafunsidwa.

"Ndikangofika onse amangoti zii"

Ili ndiye vuto lofala, ndipo munthu amathamangira kuganiza kuti amanena za iye. Nthawi zambiri si choncho. Yambani mwadzifunsa kuti munafika bwanji.

Ngati munaimirira, vuto ndi lomwelo. Munthu woimirira pamutu pa anthu okhala pansi amaoneka ngati wabwera ndi uthenga, ndiye onse amasiya kulankhula kudikira kuti anene chimene wadzera. Kwa akulu ndi mwanonso. Mankhwala ake ndi kutsika msanga: khalani pa njerwa, pa muzu wa mtengo, kapena njutani, chakumbali, osati pakati ndiponso osati pamalo okwera kuposa pamene akhala wamkulu. Pampando pamene pali popanda munthu musathamangirepo. Mwina mwini wake wangopita kuseri.

Ngati munazungulira bwalo lonse ndi dzanja, vuto ndi limenelonso. Ine ndinkachita zimenezi pofuna kuonetsa ulemu: aliyense kumugwira dzanja, aliyense "mwaswera bwanji, nanga kunyumba". Anthu asanu ndi mmodzi, moni wake amatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pomaliza amene ankasimba uja waiwala pamene anali. Mwambo wathu unakonza kale zimenezi, koma ambiri amene tinakhalitsa m'tauni tinauiwala. Wofika amati odi kapena zikomo, amakhala pansi, ndipo eni malo ndi amene amamupatsa moni pa nthawi imene iwo aona kuti nkhani yapuma. Ntchito yosankha nthawi yodula nkhani si yanu. Mukakhala chete, wamkulu amadikira kuti wosimba afike popumira, kenako amatembenuka: "Aphunzitsi, mwaswera?" Mumayankha mwachidule, "Taswera, kaya inu bambo," n'kuomba m'manja kwa onse pamodzi. Ngati wina watambasula dzanja, lilandireni, lamanzere litagwira mkono wamanja. Koma musayambe inu ulendo wozungulira.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene chinasintha zonse kwa ine. Moni ukatha, nkhani imakhala ili pansi, ndipo amene mwaigwetsa ndinu. Itoleni muibweze kwa mwini wake. Yang'anani munthu amene ankalankhula mmene mumafika, osati gulu lonse, n'kunena kuti, "Pepani achimwene, ndakudulani, pitirizani." Ngati munamvako mawu amodzi pofika, atchuleni: "Mumanena za mlatho." Mukangoti "pitirizani" kwa onse, amayang'anana, wina n'kuti "aaa, timangocheza", nkhani n'kufera pomwepo. Koma mukaloza munthu mmodzi ndi mutu umodzi, amapitiriza, ndipo mumtima amakuthokozani chifukwa nayenso zimamuwawa kuti nkhani yake ikathera panjira.

Ngati mwachita zonsezi koma akuyambabe za mvula, wina n'kudzuka kuti akaone mbuzi, ndiye kuti inalidi nkhani yosafuna khutu lanu. Khalani pang'ono kuti zisaoneke ngati mwakwiya, tsazikani, pitani. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

"Ndimadikira mpata koma supezeka"

Apa ndiye ndinakhalitsa. Ndinkakhala ndi mawu okonzeka, kudikira kuti pakhale chete, koma wina akangotseka pakamwa wina watsegula kale. Ndinkaganiza kuti akundimana dala.

Zoona zake n'zakuti mpata umene mukuudikirawo kawirikawiri supezeka m'macheza a anthu. Mu 2009 akatswiri ena anayeza macheza m'zilankhulo khumi za m'maiko osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti pakati pa funso ndi yankho pamadutsa pafupifupi masekondi 0.2. Kumeneko ndi kuphethira kwa diso. Munthu sangamve kuti mnzake wamaliza, n'kuganiza chonena, n'kuyamba m'kanthawi kotero. Ndiye kuti amene amalandira mawu amakhala atadziwiratu kuti mnzawo watsala pang'ono kumaliza, ndipo enawo amakhala atadziwiratu kuti wotsatira ndi ndani. Inu mukamadikira chete weniweni, nthawi zonse mudzachedwa.

Choyamba ndi kumveka musanalankhule. Ife tikamasimba nkhani timafuna wovomereza, monga ana amavomerezera nthano kuti "tili tonse". Mawu ang'onoang'ono aja, "eya", "ndithu", "a-a!", "zoona?", sadula nkhani, amaikankha. Wofika kumene ali nawo ufulu wonse wowanena. Mukavomereza kawiri katatu pamalo oyenera, muona kuti wosimba wayamba kukuponyerani diso pamodzi ndi anzake. Diso limenelo ndiye chizindikiro chakuti khomo lachiwiri layamba kutseguka. Ngati sanakuyang'anenipo ngakhale kamodzi, nthawi sinakwane. Koma musavomereze zimene simunamve. Ine ndinati "zoonadi" mwamphamvu tsiku lina, osadziwa kuti akunena zoipa za mchimwene wa munthu amene ndinakhala naye pafupi.

Chachiwiri ndi kudziwa pamene nkhani ikutsikira. Wosimba akayandikira kumapeto mawu ake amatsika, amabwereza mfundo imene wanena kale, manja amene amalozaloza amabwerera pa mawondo, ndipo kawirikawiri amatseka ndi mawu monga "basi ndi mmene zinathera" kapena "ndiye kaya". Pamenepo, iye asanatseke pakamwa, weramirani kutsogolo pang'ono, kokani mpweya, yambani ndi kamawu kogwirira malo: "Koma bambo..." Kuseka kwa onse kukamatha ndi malo enanso abwino. Pamene simuyenera kulowa ndi pamene munthu waima pakati kuti akumbukire dzina kapena chaka. Chete ameneyo ndi wake. Pa bawo, wosewera akamawerenga njombwa zake m'maenje, musamufunse kanthu, ngakhale anali iye wosimba.

Chachitatu ndi kuwerenga anthu. Katswiri wina, Robin Dunbar, ndi anzake analemba mu 1995 kuti macheza ongochitika okha kawirikawiri sapitirira anthu anayi, ndipo akachuluka amagawikana. Mukayang'anitsitsa pansi pa mango muona zomwezo. Amene mumawaona ngati gulu limodzi la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi timagulu tiwiri: atatu kapena anayi ali pa nkhani yaikulu, ndipo chakumphepete kuli awiri amene akungomvetsera kapena akunong'onezana zawo. Musalimbane ndi pakati. Khalani pafupi ndi wakumphepete, makamaka ngati ndi alamu anu, pakuti ndi alamu mumatha kuserewula popanda mlandu. Mufunseni motsitsa mawu, "Alamu, akuti ndani ameneyu?" Iye akukufotokozerani, ndipo nthawi zambiri ndi iyeyo amene amakuponyerani pakati: "Aphunzitsi akufunsa kuti..."

Mmene zinayendera tsiku lina Loweruka

Ndinapeza anthu asanu. Awiri ankasewera bawo, atsibweni a mkazi wanga anakhala pa mpando wa ndalema, bambo wina wa kabaza ankalankhula mokweza akuloza kumunsi kudambo, ndipo alamu anga anakhala pa muzu akudya chinangwa chootcha. Ndili chapatali ndinamva mawu akuti chisaka, ndiye ndinadziwa kuti ndi za nthochi. Aliyense wa kuno amadziwa mmene matenda amenewa anawonongera nthochi za ku Thyolo, zimene kale zinkadzaza malole opita ku Blantyre.

Ndinati "zikomo" motsitsa, n'kukhala pa muzu womwewo pafupi ndi alamu. Wa kabaza sanasiye kulankhula, ndipo ine sindinamuyang'ane ngati ndikudikira kanthu. Ankadandaula kuti mnansi wake akukana kuzula mapando odwala, pamene iye anazula ake onse n'kubzala mbewu yatsopano. Atafika popumira, atsibweni anatembenuka. "Aphunzitsi, mwaswera?" Ndinayankha, ndinaomba m'manja, ena anavomera, zonse sizinafike theka la mphindi. Kenako ndinayang'ana wa kabaza uja. "Pepani achimwene, ndakudulani. Ndiye anakana kuzula?"

Anapitiriza, ndipo mwaukali kuposa poyamba. Ine ndinali ndi zonena zambiri. Ndinkadziwa kuchokera m'mabuku kuti chisaka chimafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndiponso pobzala ana ochokera ku phando lodwala, ndipo lilime linkandiyabwa kuti ndiwaphunzitse. Ndinazimeza. Anthu amenewa anakhala ndi matendawa zaka zambiri ine ndisanabwere, ndipo mlendo amene mawu ake oyamba ndi phunziro amamvedwa kamodzi kokha. Ndinangovomereza: "a-a!", "mpaka pano?" Kachitatu, wa kabaza anayamba kundiyang'ana polankhula.

Atatsitsa mawu n'kuti "ndiye kaya, tiona mvula ikagwa", ndinalowa ndi funso limene ndinkafunadi yankho lake. "Koma achimwene, ife kwathu nthochi sitizidziwa kwenikweni. Phando likangoyamba kudwala, inu mumaliona ndi chiyani?" Sanayankhe iye yekha. Wa pa bawo mmodzi anasiya njombwa n'kuyamba kundionetsa ndi manja mmene masamba atsopano amatulukira ang'onoang'ono, oimirira, othithikana pamwamba. Atsibweni anawonjeza kuti mtengo wotero subereka mkoko wa nzeru. Anatsutsana okhaokha za nthawi imene matendawa anafika m'mudzimo. Patapita nthawi, alamu anati, "Nanga kwanu ku Dedza mbatata ija siidwala?" Apo ndi pamene ndinalankhula za kwathu, nditafunsidwa, ndipo mwachidule.

Funso lija linagwira ntchito pa zifukwa zitatu zimene mungazigwiritsenso ntchito pa nkhani ina iliyonse. Linali pa mutu wawo, osati wanga. Linapita kwa amene ankalankhula, choncho silinamulande nkhani. Ndipo linavomera poyera kuti ndine wobwera, m'malo mobisa. Kukhala mlendo kwanga, kumene ndinkakuona ngati chilema, kunakhala chifukwa chomveka chofunsira. Safunsa anadya phula. Koma funso likhale lopepuka kuyankha. "Kodi nkhani yake ndi yotani?" ndi funso loipa, chifukwa likukakamiza anthu asanu kubwerera poyambira chifukwa cha munthu mmodzi.

"Ndinalankhula koma palibe anayankha"

Zimawawa, koma onani kaye chimene chinachitika. Ngati munayamba pamodzi ndi wina, makamaka wamkulu, mawu anu anangokwiririka. Nenani "pitirizani bambo", ndipo kawirikawiri akamaliza amakubwezerani: "Mumati bwanji aphunzitsi?" Ngati munalankhula kwa gulu lonse, maso ali pansi, palibe amene anamva kuti yankho lili kwa iye. Ulendo wina tchulani munthu: "Alamu", "Bambo", kenako mawu anu.

Koma ngati anamva bwinobwino, n'kukhala chete pang'ono, wina n'kupitiriza ngati simunanene kanthu, ndiye kuti mawuwo anali olakwika malo. Mwina munabweza nkhani imene anaidutsa kale musanafike. Mwina munayamba ndi "kwathu timachita chonchi", mawu amene kwa eni mudzi amamveka ngati mukuti kwawo kuno n'kotsalira. Mwina munakhudza munthu amene ali ndi mbale wake pomwepo, ndipo m'mudzi wa mbumba imodzi pafupifupi aliyense ndi mbale wa wina. Musabwereze mokweza, musapepesenso kwambiri. Bwererani pa kuvomereza, ndipo pobwerera kunyumba funsani alamu kapena mkazi wanu kuti munaponda pati.

Za ndale ndi za mpira ndingonena mwachidule. Pa mpira lowani msanga, ngakhale motsutsa, pakuti wa Bullets ndi wa Wanderers amafunana kuti macheza akome. Pa ndale mvetserani miyezi ingapo.

"Amatembenukira ku Chilomwe, kapena amatchula mayina amene sindiwadziwa"

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje akuluakulu ena amasakaniza Chilomwe m'macheza, makamaka pa nthabwala ndi pa miyambi. Achinyamata ambiri a konkuno nawonso samva zonse, ndiye musaganize kuti ndinu nokha mwatsala. Chizindikiro chake ndi ichi: ngati ankasakaniza kale musanafike, si za inu. Dikirani kuseka kuthe, mufunse wapafupi tanthauzo lake, ndipo mudzaona mmene akulu amakondwerera kumasulira. Ine nditaphunzira kungoti "moseliwa" m'mawa, agogo ena anandiseka katchulidwe sabata yathunthu, ndipo kuseka kumeneko kunandipindulira kuposa ulemu wonse umene ndinkachita. Koma ngati ankalankhula Chichewa n'kusintha mutangokhala pansi, mawu n'kutsika, imeneyo ndi nkhani ya eni ija. Chitani monga ndanenera pamwambapa.

Mayina ndiye osavuta. Munthu mmodzi amatchedwa ndi dzina la mwana wake, dzina la ntchito yake ndi dzina lachipongwe, ndipo mlendo amaganiza kuti ndi anthu atatu. Musafunse pakati pa nkhani. Sungani dzina limodzi kapena awiri patsiku mukafunse kunyumba.

Pa maliro ndi pamene pali apongozi

Malamulo amasintha pang'ono. Pa siwa, usiku pamoto pamene amuna amakhala, simufika ndi moni wokweza kapena wogwirana manja ndi aliyense. Mumakhala pansi mwakachetechete kumbali ya amuna, ndipo wapafupi ndi amene amakunong'onezani. Macheza amakhalapo, nthawi zina ngakhale nthabwala, koma wofika kumene asayambe ndiye kuseketsa. Kumeneko khomo lachiwiri likhoza kutenga ola, ndipo palibe amene amadabwa ndi munthu wokhala chete. Kwa mkamwini watsopano, usiku umodzi pamoto wa maliro ndi kugwira nawo khasu kumanda m'mawa, ngati adzukulu akulolani, zimatsegula pakamwa pa anthu kuposa mwezi wa pa bawo.

Ngati m'gulu mwakhala apongozi anu aakazi, si gulu lanu. Njutani chapatali, perekani moni, pitirirani. Mkazi wanga akuti kwa amayi khomo lake ndi manja: ukapeza anzako akusenda nandolo kapena akutsuka mbale pa ukwati, umakhala pansi n'kutola chako, ndipo nkhani imakupeza uli pa ntchito. Kwa amuna zimagwiranso pamene pali chogwira, monga pofolera nyumba kapena pokonza njinga.

Chimene sindinkachidziwa chaka chonse choyamba chinali chakuti mwa amuna a pansi pa mango aja, amene anabadwira m'mudzimo anali atsibweni ndi alamu okha. Wa kabaza kwawo ndi ku Luchenza. Awiri a pa bawo, wina ndi wa ku Chitakale, wina wa ku Phalombe. Onsewo ndi akamwini ngati ine, anangondiyambira kufika. Ndinazidziwa tsiku limene kunabwera mnyamata wina amene wangokwatira kumene mphwake wa atsibweni. Anaima chilili patsogolo pathu, dzanja lili m'mwamba kufuna kuyamba kuzungulira, ndipo wa ku Chitakale uja, osachotsa maso pa bawo, anakankha njerwa ndi phazi n'kuti, "Takhalani kaye pansi, achimwene, moni akupezani pomwepo."